Ndinadzala soya kuti nthaka ibwerere, chimanga chayezukabe. Chavuta n'chiyani?

Wa ku Namwera: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi dandaulo. Chaka chatha ekala imodzi ndinadzala soya yekhayekha chifukwa aliyense amati soya amasiya feteleza m'munda. Ndinakolola matumba 8 a makilogalamu 50. Chaka chino ndabwezamo chimanga, ndipo ndinangothira wokulitsa pang'ono podalira soya uja. Pano chimanga chili ndi masabata anayi, masamba a m'munsi achita chikasu, sichikukula. Feteleza wa soyayo ali kuti? Kapena ndi nkhambakamwa chabe?

Msodzi wa ku Malombe: Achimwene, zimenezo ndi mbozi. Chaka chino zavuta paliponse. Gulani mankhwala mupopere msanga, madzulo dzuwa litapepa.

Wa ku Namwera: Ayi achimwene, mbozi ndimazidziwa. Masamba sanabooledwe, ndipo kunsonga kulibe zitosi zake. Kungoti chikasu basi.

Mlangizi Wopuma: Bambo a ku Namwera, tisanaweruze soya ndikufunseni kaye. Chikasucho chikuyambira pati patsamba? Soya uja anali wa mtundu wanji, ndipo munapaka inokulanti, ufa wakuda uja wopaka ku mbewu musanadzale? Pokolola munachita kuzula kapena kumweta, nanga munamenyera kuti? Ndiponso m'mundamo munakwiriramo chiyani musanadzale chimangachi?

Wa ku Namwera: Zikomo bambo. Chikasu chikuyambira kunsonga kwa tsamba n'kumatsika motsata mtsempha wapakati, masamba a pamwamba akadali obiriwirako. Soya anali Makwacha. Inokulanti ndinapaka, ndinagula kapaketi pa sitolo ina. Pokolola tinazula n'kukamenyera kunyumba, zinyalala zake mbuzi zinadya, zotsala ana anayatsa. Koma munda sindinausiye wopanda kanthu ayi. Mapesi a chimanga a munda wina ndinali nditawaunjika, ndiye m'Novembala popanga mizere ndinawatuta n'kuwakwirira momwemo kuti akhale manyowa.

Mlangizi Wopuma: Chikasu choyambira masamba a m'munsi, kunsonga kutsika ndi mtsempha, ndi njala ya nayitrojeni. Chimanga chikamusowa chimamuchotsa m'masamba akale n'kupititsa ku ana masamba. Pamenepo palibe chokayikitsa. Nkhani ndi yakuti wasowa bwanji, ndipo m'zimene mwafotokozazi ndikuonamo malo atatu amene akanatayikira. Tiyambe ndi ku mizu ya soya.

Soya payekha sapanga feteleza. Amene amagwira ntchitoyo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya otchedwa raizobiya. Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni, koma ali momangika mwakuti mbewu siingamugwiritse ntchito. Tizilomboti timalowa m'mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba ikadali yanthete, muzu umatupa timibulu, ndipo m'timibulu m'menemo ndi mmene timamasula nayitrojeni wa mumpweya kuti mbewu idye. Mbewu nayo imatipatsa shuga wochokera ku masamba. Popanda timibulu, soya amadya nayitrojeni wa m'nthaka chimodzimodzi chimanga. Ndiye funso langa: chaka chathacho munakumbako phando limodzi n'kuona mizu?

Wa ku Namwera: Pokolola ndinaona timibulu pang'ono pa mizu ina, koma sindinatisamale.

Mwana wa Sukulu ya Ulimi: Ngati timibulu tinalipo ndiye kuti nayitrojeni anapangidwa, agogo. Ife tinaphunzira kuti mbewu zonse za gulu la nyemba zimathira nayitrojeni m'nthaka, mwakuti ngakhale chimanga chodzala pamodzi ndi nyemba chimadya nawo nthawi yomweyo. Ine ndikuganiza kuti vuto ndi mvula, yakokolola zonse kupita pansi.

Mlangizi Wopuma: Mdzukulu, za mvula wanena zoona ndithu, makamaka pa mchenga. Koma kukhalapo kwa timibulu si umboni wokwanira. Nthawi yoonera si pokolola ayi, pamenepo timakhala titatha kale ntchito. Muzikumba pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, mpaka pamene soya akuchita maluwa. Kumbani ndi khasu, osazula ndi dzanja chifukwa timibulu timathothokera m'dothi. Tsukani muzuwo m'madzi, kenako ng'ambani kambulu kamodzi ndi chikhadabo. Mukapeza m'kati mofiirira, kakugwira ntchito. M'kati moyera ndiye kuti mwina sikanayambe, kapena munalowa tizilombo ta mtundu wosathandiza mbewuyo. Mobiriwira kapena moderako ndiye kuti kakalamba.

Kufiirako kuli ndi chifukwa chake. Chipangizo chimene tizilomboti timamasulira nayitrojeni chimawonongeka ndi okosijeni, pamene tizilombo tomweto timafunanso kupuma. Ndiye mbewu imapanga chinthu chofiira, chachibale ndi chimene chimafiiritsa magazi athu, choti chizigwira okosijeniyo n'kumapereka pang'onopang'ono.

Zoti chimanga chimadya nawo nthawi yomweyo, ndi pang'ono kwambiri. Nayitrojeni amapita m'thupi la mbewu ya nyembayo, m'masamba ndi m'njere. Chimanga chimadzamupeza zimenezo zikawola.

Mayi a ku Chilipa: Bambo, ine ndinazula therere ndi tomato kudimba, mizu yake inali ndi timibulu tambirimbiri. Ndiye kuti nazonso zimapanga feteleza? Chifukwa tomatoyo anafota ndithu.

Mlangizi Wopuma: Ayi mayi, amenewo ndi matenda. Zimatupitsa ndi tinyongolotsi tating'ono kwambiri ta m'nthaka. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Kambulu kabwino kamakhala pambali pa muzu, mukakakanda ndi chala kamathothoka muzu n'kutsala bwinobwino. Chotupa cha matenda ndi muzu womwewo umene wafufuma, simungachichotse osadula muzu. Ndipo nyemba ndi khobwe nazo zimagwidwa matendawa, choncho musamasangalale ndi chotupa chilichonse.

Wa ku Namwera: Koma inokulanti ndinapaka, bambo. Kodi pamenepo timibulu tingalephere?

Mlangizi Wopuma: Tingalephere. Munapaka bwanji?

Wa ku Namwera: Ndinasakaniza ndi timadzi ta shuga, n'kuyanika pa mkeka pabwalo kuti mbewu iume. Mvula inachedwa, ndiye tinadzala patapita masiku.

Mlangizi Wopuma: Pamenepo ndi pokayikitsa. Inokulanti si mankhwala, ndi zamoyo. Ufa wakuda uja ndi chosungiramo chabe, m'kati mwake muli tizilombo tamoyo, ndipo timafa ndi dzuwa, kutentha ndi kuuma. Timadzi ta shuga munachita bwino, timathandiza kuti ufawo umatirire. Koma kupakako kumachitika pamthunzi, mbewu iwume pang'ono pamthunzi pomwepo, n'kudzala tsiku lomwelo m'dothi lonyowa. Muzipaka yokhayo imene mutsirize kudzala. Isakhudzane ndi feteleza. Kapaketinso kamakhala ndi tsiku lothera ntchito, ndipo ngati kanakhala pa shelefu pansi pa malata m'Okutobala wa kuno kwathu, mwina kanafa musanagule. Kwanu ku Namwera n'kozizirako, koma anzathu a kumunsi kunyanja asamale kwambiri.

Soya ndi amene amavuta chonchi chifukwa ndi mlendo, kwawo ndi ku China, ndipo tizilombo timene amagwirizana nato m'minda yathu yambiri mulibe. Mtedza, khobwe, nandolo ndi nzama zimapeza tawo m'nthaka momwemu. Pali mitundu ina ya soya ngati Tikolore imene imalola tizilombo ta kuno, ngakhale nayonso nthawi zambiri imachita bwino ikapakidwa.

Wogulitsa Mbewu pa Boma: Ine makasitomala anga ndimawauza kuti ngati akukayika ndi inokulanti angothira yuriya pa soyayo. Amabiriwira bwino kwambiri.

Mlangizi Wopuma: Kubiriwira amabiriwira, koma mwamuletsa ntchito imene munamudzalira. Kudyetsa timibulu kumadyera mbewu shuga wambiri. Ikapeza nayitrojeni wochuluka waulere m'nthaka imasiya kupanga timibulu, ndipo timene tilipo timachita ulesi. Chimene soya ndi mtedza zimasowa kawirikawiri ndi fosifolasi. Wokulitsa pang'ono podzala amathandiza pa chifukwa chimenecho. Yuriya musungire chimanga.

Wogulitsa Mbewu pa Boma: Komatu pamene timibulu talephera, soya wayezuka, munthu angoyang'ana? Matumba ake atuluka kuti?

Mlangizi Wopuma: Pamenepo sindikutsutsani. Ngati mwakumba n'kupeza mizu yosalala, thirani kuti mupulumutse zokolola. Koma muyambe mwakumba.

Tsopano malo achiwiri, ndipo apa tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti timibulu tinagwira bwino ntchito. Matumba 8 ndi makilogalamu 400. Njere za soya zili ndi nayitrojeni pafupifupi makilogalamu 6 pa 100 alionse, n'chifukwa chake zimamanga thupi. Ndiye m'matumba anuwo munatuluka makilogalamu pafupifupi 24. Thumba la yuriya la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni makilogalamu 23. Mukuona? Zimene munakagulitsa kwa mavenda zinanyamula thumba lathunthu la yuriya kuchoka m'munda.

Soya ndi wotero, gawo lalikulu la nayitrojeni wake amalisunthira ku njere. Ndiponso si yense amene amachokera mumpweya, wina amatenga m'nthaka ngakhale timibulu tili bwino. Chotsalira munda ndi masamba amene anayoyoka, mizu, timibulu ndi mitengo yake. Inu munazula, mizu ikuluikulu inapita kunyumba, mitengo ndi makoko zinathera ku mbuzi ndi moto. M'munda munatsala masamba oyoyoka ndi timizu ting'onoting'ono basi.

Wa ku Namwera: Iii, ndiye kuti ndinangodzinamiza? Kasinthasintha alibe phindu?

Mlangizi Wopuma: Phindu lilipo. Chimanga chobwera pambuyo pa soya nthawi zambiri chimaposa chobwera pambuyo pa chimanga chinzake. Masamba a soya amawola msanga, matenda a chimanga amapumira, kaufiti amachepako. Koma kunena kuti simuthiranso wobereketsa, kumeneko n'kukokomeza. Mumachepetsako, osati kusiya.

Mayi a ku Chilipa: Ine n'chifukwa chake ndimakakamira nandolo. Ndimadzala m'mtedza, mtedza ndikakumba nandolo amatsala yekha mpaka Ogasiti, masamba ali yoyoyo pansi mpaka dothi osaoneka. Masangwi a mtedza ndimawasiya momwemo. Chaka chinacho chimanga chake chimakhala chakuda bii. Koma mbuzi! Anthu akangokolola chimanga amamasula ziweto, nandolo wanga asanakhwime. Tinakadandaula kwa amfumu, lamulo linaikidwa, koma amene amalitsata ndi owerengeka. Chaka chatha mbali ya kumsewu mbuzi zinadya yonse mpaka makungwa.

Mlangizi Wopuma: Mayi, mwa mbewu zonse zimene tatchulazi, yanuyo ndi imene imasiyadi kanthu m'munda. Nandolo amakhala miyezi yambiri, mizu yake imapita pansi, ndipo masamba ambiri amagwa inu musanathyole. Mumachotsa njere zochepa poyerekeza ndi zimene zatsala. Nyemba wamba ndiye zili kumapeto, timibulu take sitilimbikira kwenikweni.

Mwana wa Sukulu ya Ulimi: Koma agogo, a ku Namwera anakwiriramo mapesi. Amenewo si manyowa? Zimenezo zikanabwezera zimene zinachoka.

Mlangizi Wopuma: Ndi malo achitatu amenewo, ndipo ine ndikuona kuti chikasu cha lerochi chachokera pamenepo kwambiri kuposa kwina konse.

Chinyalala sichiwola chokha. Amachidya ndi mabakiteriya ena ndi tizilombo ta mtundu wa bowa, timizu toyera tija mumatiwona mukafukula mapesi onyowa. Tizilomboti tikamadya timachulukana, ndipo kuti timange matupi awo timafuna zinthu ziwiri, kaboni ndi nayitrojeni. Chakudya chotiyenera chimakhala ndi magawo pafupifupi 25 a kaboni pa gawo limodzi la nayitrojeni. Mapesi ouma a chimanga ali ndi magawo pafupifupi 60 pa limodzi. Ndi nsima yambiri ndiwo pang'ono, ndiye tizilombo timakatapa ndiwo m'mbale ya chimanga chanu.

Tiyerekeze kuti munakwirira mapesi olemera makilogalamu 1,000. Muli kaboni pafupifupi makilogalamu 400 ndi nayitrojeni pafupifupi 7. Kuti tidye kaboni wonseyo tikufuna nayitrojeni makilogalamu 16. Kupereweraku, makilogalamu 9, timatenga m'dothi lozungulira, kuphatikizapo wokulitsa pang'ono munathira uja ndi kamene soya anasiya. Tizilombo tili paliponse m'dothimo ndipo timachulukana msanga, chimanga chamasabata awiri chili ndi timizu tochepa, sichingapikisane nato.

Nayitrojeniyo sanatayike. Chakudya chikatha tizilombo timafa, n'kuwola, iye n'kubwerera m'nthaka. Koma zimatenga masabata ambiri, mwina miyezi, pamene chimanga chikumufuna pano. Masamba a nandolo, a soya, a gilisidiya ndi masangwi a mtedza sachita zimenezi chifukwa ali ndi nayitrojeni wokwanira tizilombo n'kutsalako, ndipo wotsalayo ndi amene mbewu imadya.

Wa ku Namwera: Zikumveka tsopano. Ndipo ndakumbukira, mizere ya kumapeto kumene mapesi anandithera ndi imene ili yobiriwirako. Ndimayesa n'chifukwa cha chulu chili pafupi.

Mlangizi Wopuma: Chulu nacho chingathandize, ndiye musathamangire. Mawa fukulani mzere umodzi pachikasu. Mukapeza mapesi akadali olimba, atangoda kunja, ali ndi timizu toyera, ndiye kuti ntchito yowoletsa ili pakati. Yerekezani ndi mzere wopanda mapesi umene uli kutali ndi chulucho.

Msodzi wa ku Malombe: Ndiye makolo athu sankalakwa potentha. Phulusa ndi feteleza, komanso tizilombo tanu takubato timapsa.

Mlangizi Wopuma: Phulusa lili ndi potashi ndi layimu pang'ono, n'chifukwa chake pamene panapsa mulu pamamera bwino chaka chimenecho. Koma nayitrojeni ndi salufa zimapita ndi utsi. Ndipo mapesi amene mwatentha ndi omwe akanasanduka dothi lakuda lija losunga madzi. Pa mchenga wa kwanu kumeneko, mukatentha chaka ndi chaka mumatsala ndi mchenga weniweni, feteleza mukathira mvula iwiri wapita.

Vuto si mapesi, ndi nthawi. Kuwojeka kumayenera kuchitika mukangokolola, mu Epulo kapena Meyi, dothi likadali ndi chinyezi, kuti tizilombo tiyambiretu. M'Novembala mumakhala mwayambitsa kuwola tsiku limodzi ndi kumera kwa chimanga. Ngati nthawi yadutsa, ndi bwino kuwaponya m'khola kapena pa kompositi, kusanjikiza ndi ndowe, zitosi za nkhuku ndi masamba aawisi, n'kumathirira. Mulu ukatentha m'kati ndiye kuti tizilombo tili pa ntchito. Ukanunkha ngati mkodzo, zaziwisi ndi zitosi zachuluka, onjezerani zouma. Ukangokhala zii osatentha, wauma kapena mapesi achuluka. Utuchi ndi mankhusu a mpunga n'zoipa kuposa mapesi pa nkhani imeneyi, osakwirira m'munda zili zosawola.

Mphunzitsi wa ku Makanjira: Apa ndisiyana nanu pang'ono, bambo. Kuno kumunsi mu Meyi dothi limakhala litauma kale gwa. Mukawojeka palibe chimene chimawola, mapesi amangokhala mpaka chizimalupsa, kupatula amene chiswe chadya. Ine ndinasiya kukwirira, ndimangophimbira pamwamba. Chikasu sindichiona kwenikweni.

Mlangizi Wopuma: Aphunzitsi mukunena zoona, pouma tizilombo timagona. Kuphimbira kumachepetsa vutoli chifukwa mapesi amakhudza dothi pamwamba pokha, ndiye amawola pang'onopang'ono ndipo satapa zambiri nthawi imodzi. Komabe zaka zoyamba musachepetse wobereketsa.

Mayi a ku Chilipa: Kuphimbirako kwathu kumaitana chiswe, chimagwetsa chimanga chikayamba kuuma. Komanso mapesi ake angakhalepo ndi ng'ombe zomasula zija?

Mphunzitsi wa ku Makanjira: Ine ndimaona zosiyana mayi. Chiswe chikapeza mapesi chimasiya chimanga chamoyo. Chimagwetsa kwambiri m'munda moyera mbee.

Mayi a ku Chilipa: Mwina chiswe cha ku Makanjira ndi chaulemu. Chathuchi chimadya zonse.

Mphunzitsi wa ku Makanjira: Kkkk. Koma ndifunseko za nsangu. Pansi pa nsangu chimanga chimachita bwino popanda feteleza. Ndi timibulu tomweto?

Mlangizi Wopuma: Nsangu ndi wa gulu la nyemba ndipo umakhala nato timibulu, makamaka ukadali waung'ono. Koma chachikulu n'chakuti umayoyola masamba mvula ikamayamba, pamene mitengo ina ikuphuka. Masambawo ndi ang'onoang'ono, ali ndi nayitrojeni wambiri, amagwera pa dothi lonyowa n'kuwola nthawi imene chimanga chikufuna, ndipo mtengowo suchita mthunzi. Onjezerani ndowe za ziweto zimene zimausa pamenepo m'chilimwe zikudya nyemba zake. Kuti gawo lalikulu ndi liti pa zimenezi, anthu amatsutsanabe.

Wa ku Namwera: Nanga pano ndichite chiyani? Ndifukule mapesiwo?

Mlangizi Wopuma: Osafukula, mudula mizu ya chimanga. Masabata anayi si mochedwa. Palirani, kenako thirani yuriya sabata ino dothi lili lonyowa. Boolani kadzenje pambali pa phando, pafupifupi masentimita 10 kuchoka pa chimanga, thirani n'kukwirira. Yuriya naye amasinthidwa ndi tizilombo ta m'nthaka asanadyedwe, ndipo akasiyidwa pamtunda padzuwa gawo lina limauluka ngati mpweya. Ngati munda wanu ndi wamchenga, gawani kawiri, wina mudzathire pakatha masabata awiri kapena atatu. Ngati pali malo amene madzi akudikha, atsegulireni njira kaye, chifukwa podikha madzi pali tizilombo tinanso timene timabweza nayitrojeni kumpweya.

Wa ku Namwera: Thumba lathunthu sindingakwanitse pa mitengo ya panoyi. Ndili ndi theka, komanso zitosi za nkhuku matumba awiri.

Mlangizi Wopuma: Theka limenelo liyambire mizere yachikasu kwambiri. Zitosi ngati zili zowolerana ikani pambali pa mapando a mizere yotsalayo n'kubandira. Zaziwisi musagunditse ku chimanga, zimawotcha.

Wogulitsa Mbewu pa Boma: Funso limodzi bambo, makasitomala amandifunsa. Munda umene munali soya wopaka inokulanti chaka chatha, akadzabwezamo soya apakenso?

Mlangizi Wopuma: Ngati timibulu tinali tambiri ndi tofiira, tizilombo timatha kutsala m'dothi zaka zingapo. Koma pa mchenga wotentha wa kunyanja timachepa msanga m'chilimwe. Kapaketi n'kotchipa poyerekeza ndi mbewu, ine ndimati apakenso. Kwa a ku Namwera ndiye osafunsa n'komwe, popeza sitikudziwa ngati oyambawo analowa.

Mwana wa Sukulu ya Ulimi: Agogo, soya wa mayi anga ku Katuli ali ndi masabata atatu. Loweruka ndikupita, ndikakumbe?

Mlangizi Wopuma: Udzapeza tating'ono toyera, sudzadziwa kanthu. Dikira masabata ena awiri. Ukakumbe mapando asanu m'malo osiyanasiyana, osati a m'mphepete okha, ung'ambe timibulu ndipo utijambule tisanaume.